Siwa pa Tsamba Langa la Ntchito

Agogo anamwalira m'nyengo yotentha, ija ya kuti chitsulo cha pachitseko chimawotcha dzanja ngakhale dzuwa litapendeka. Ndi iwo amene anandilera, m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Josina Machel, mu mzinda wa Tete. Mayi anga sindiwakumbuka. Bambo ndimawadziwira pa foto imodzi yomwe ataima pafupi ndi njinga ya munthu wina.

Maliro atatha, anthu atabweza mipando ya kutchalitchi, amalume anatsalira. Iwo amakhala ku Ulongué, ali ndi golosale kumeneko. Anakhala pakhonde n'kumayang'ana khoma la nyumba ngati akuliyeza.

"Mwana wamkazi yekha m'tauni muno, wopanda ntchito, ayi," anatero. "Anthu a kumigodi ya malasha ku Moatize akusowa nyumba. Iyi tiyikamo munthu, iwe upite kwathu ukandithandize pa golosale."

"Ntchito ndimagwira, amalume."

"Yojambula akwati? Imeneyo ndi ntchito kapena ndi kudya mpunga wa eni ake?"

Anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Chabwino. Ndikupatsa mpaka mvula. Ikagwa usanalembedwe pena pake, ndibwera ndi galimoto."

Ndinavomera. Masiku amenewo ndinkavomera chilichonse. Munthu akandipatsa madzi ndinkamwa, akandiuza kuti ndikhale pansi ndinkakhala. Sindinalire pamaliro, ndipo amayi ena anazinena zimenezi kuseri kwa nyumba. Ndinawamva. Sizinandikhudze.

Kujambula ndinaphunzira pa kosi yaifupi, kenaka ndinachita esitajiyo, kuphunzira ntchito uli pantchito, pa kampani ina yonyamula katundu ku Moatize. Kumeneko ndinkajambula madalaivala akuphunzitsidwa za chitetezo, magalimoto ali pamzere, mabwana akupereka zipewa zolimba. Esitajiyo itatha anandithokoza, basi. Ndinabwerera ku maukwati, maubatizo, ndi mafoto a ziphaso omwe ndinkajambulira pa kashopu ka mnzanga wina ku Francisco Manyanga. Mnzangayo ndi Mnyungwe, tinaphunzira limodzi kusekondale. Ali ndi makina a fotokope, kompyuta imodzi ndi pakamwa posatseka. Amanditchula kuti shamwali, ine ndimamutchula kuti mana, achemwali m'Chipwitikizi.

Ndi iyeyo amene anandiuza kuti nditsegule perifili. Ili ndi tsamba la munthu pa malo aja a pa intaneti omwe anthu amaonetsapo ntchito zomwe amadziwa, ndipo makampani amasakapo antchito. Pamwamba pamakhala foto ndi dzina, pansi pa dzina mzere umodzi wonena ntchito yako. Kenaka pali bokosi lolembamo za iwe mwini, malo osanjapo kumene unagwirako, ndi malo ena oyikapo zinthu zochepa zomwe ukufuna kuti wobwera aziona msanga. Anandionetsa zonsezi mothamanga, makasitomala akumudikira, ndipo ndinakadzaza ndekha kunyumba.

Pa bokosi lolembamo za ine ndinakhala nthawi. Kwathu ku Angónia mlendo akafika sayamba ndi chomwe wabwerera. Amapereka malonje: wachokera kuti, wanyamuka liti, wasiya kwawo kuli bwanji, panjira wakumana ndi zotani. Chomwe wadzera chimabwera kumapeto, eni nyumba atamudziwa kale. Agogo ankachita zimenezi ngakhale kuchipatala, namwino akungofuna kumva pomwe pakupweteka. Ine sindinkadziwa njira ina yodzionetsera kwa anthu osawadziwa. Choncho ndinalemba malonje, m'Chipwitikizi changa cha kusukulu. Ndinayambira pa agogo akubwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, mayi anga ali pambuyo pawo atasenza mphika. Ndinalemba za imfa ya makolo anga, za masawu owuma ndi malambe omwe agogo ankagulitsa pamsika kuti ndipite kusukulu. Mawu oti ndine wojambula anali m'ndime yomaliza. Pansi pa dzina langa ndinalemba kuti: mdzukulu wa mayi wolimba mtima.

Kenaka ndinayika mafoto. Miyezi yomaliza ya agogo ndinkawajambula pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa sindinkadziwa china chochita ndi manja anga. Ndinajambula manja awo akusankha masawu m'lichero, mapazi awo m'beseni, msana wawo atakhala pakhomo. Ndinawajambulanso ali pabedi la kuchipatala, nkhope itachepa. Ndinajambula bokosi la maliro likutuluka m'nyumba. Mwa zonse zomwe ndajambulapo, amenewa ndiwo anali abwino kwambiri. Ndinkadziwa zimenezi monga momwe munthu amadziwira kuti mchere wakwana. Mnzanga anati pamalo apamwamba paja uyikepo ntchito yako yabwino, ndiye ndinayikapo imeneyo.

Anthu anabwera. Anzanga a kusekondale, aphunzitsi a kosi ija, madalaivala a ku Moatize, ndi ena ambiri osawadziwa, a ku Beira, a ku Maputo, ngakhale a ku Lilongwe. Munthu akalembapo ndemanga, anzake amaiona, nawonso n'kubwera. Onse ankalemba zofanana. Pepani. Mulungu akutonthozeni. Limbani mtima, mana. Telefoni inkalira m'thumba tsiku lonse. Ndinkaitulutsa, kuona kuti ndi pepani wina, n'kuibweza. Ndinkaganiza kuti perifili ikuyenda bwino, popeza anthu akuiona.

Kenaka kunatuluka ntchito. Kampani ina ya magalimoto akuluakulu, yomwe ili ndi bwalo lake cha ku Chingodzi, inkafuna munthu wojambula ndi kukonza zithunzi za uthenga wa chitetezo ndi za malipoti awo. Inali ya miyezi yochepa, koma ankati ikhoza kupitirira. Ankafuna kurikulo, pepala la mbiri ya maphunziro ndi ntchito, linki ya perifili, ndi portifolyo ya zitsanzo za ntchito ngati ilipo. Mawu otsirizawo ndinawadumpha, poganiza kuti mafoto ali kale pa perifili. Ndinatumiza. Kunali zii.

Mayi amene amalandira makalata a ofuna ntchito pa kampaniyo ndimawadziwa. Kwawo ndi ku Tsangano, timapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo pamaliro a agogo anaphika nawo. Sindinawauze kuti ndafunsira ntchito kwawo. Lamulungu lina titatuluka, anandipeza pansi pa mtengo ndikudikira kuti dzuwa lichepe.

"Mwanawe, tabwera kuno. Wadya?"

"Ndadya, amayi."

"Ukunama, koma chabwino. Kalata yako ndinaiona."

Ndinayang'ana pansi.

"Ndinatsegula linki ija muofesi, bwana ali pambali pangapa. Tinangoona bokosi la maliro. Bwana anavula magalasi, akuti, iii, mwanayu waferedwa liti? Ine ndinati mwezi watha. Akuti, musiyeni kaye alire. Tinapita pa munthu wina."

"Koma mafoto aja ndi ntchito yanga."

"Ndikudziwa. Inenso ndinalembapo pepani, sunaone? Ndinalemba n'kutuluka. Nanga ukanakhala iwe, ungalowe pasiwa n'kuyamba kufunsa namfedwa kuti, kodi Lolemba mungayambe ntchito? Angakuthamangitse anthu."

Anatsegula chikwama, natulutsa telefoni yawo, n'kundionetsa tsamba langa momwe limaonekera kwa iwo. Ndinali ndisanalionepo pa telefoni ya munthu wina. Bokosi lija lolembamo za ine linkangoonetsa mizere yoyamba yokha, kwinako munthu achite kudina. Mizere yomwe inkaonekayo inkanena za agogo ali pamalire ndi mphika. Pansi pake panali bedi la kuchipatala.

"Ine patsiku ndimatsegula masamba ambiri," anatero. "Sindiwerenga, ndimangoponya maso. Ndimafuna ndione kuti munthuyu amachita chiyani, ali kuti, anagwirapo kuti. Ndipo tikamasaka, timalemba mawu oti wojambula, Tete. Iwe pansi pa dzina unalemba kuti mdzukulu. Ndani amasaka mdzukulu?"

Anaseka pang'ono, kenaka anasiya ataona kuti ine sindikuseka.

"Ntchito ija sitinatseke. Amene tawaona sanamukhutiritse bwana. Ukakonza, unditumizire uthenga, ndikayikanso pamulu. Koma kukulankhulira sindingakulankhulire, wamva? Ndingokayika pamulu."

"Ndamva, amayi. Zikomo."

"Ndipo udye."

Mawa lake ndinapita kwa mnzanga uja. Magetsi anali atazima, ndiye anali atakhala pakhomo la shopu akudzikupizira mphepo ndi katoni. Ndinamuuza zonse. Anandilanda telefoni, nawerenga malonje anga mokweza, mpaka pa mphika.

"Shamwali! Ukufunsira ntchito kapena ukufunsira banja? Anthuwa akufuna wojambula matayala, iwe ukuwauza mbiri ya fuko lonse!"

"Unati ndilembe za ine."

"Za iwe wa ntchito! Aaa, anthu a ku Angónia inu. Munthu kukufunsani nthawi, mumayambira pa tsiku lomwe munagula wotchi."

Anapitiriza kutsika, nafika pa mafoto. Anayang'ana nthawi yaitali foto ya manja ndi lichero.

"Awa ndi abwino," anatero motsitsa mawu. "Koma si pano."

Magetsi atabwera anayatsa kompyuta, nandionetsa saiti ya mtsikana wina wojambula wa ku Beira. Anandifotokozera kusiyana kwake akudya chimanga chootcha. Perifili ili pabwalo la eni ake, anatero. Maonekedwe ake ndi amodzi kwa aliyense, zatsopano zimakankha zakale, ndipo chomwe wayika chimapita m'maso mwa anthu omwe sanachipemphe. Wobwerapo ndi wothamanga. Pamenepo pamafunika dzina la ntchito, mzinda, komwe unagwirako ndi nthawi yake, zomwe umatha, zitsanzo ziwiri kapena zitatu, ndi linki. Saiti ndi yako. Umasanja wekha choyamba ndi chotsatira, umagawa zipinda, umalemba pansi pa foto iliyonse kuti unajambulira ndani, ankafuna chiyani. Amene wafika kumeneko wachita kudina yekha, ndiye kuti ali ndi nthawi.

"Ndiye agogo apite ku saiti?"

"Mwina. Koma osati pakhomo. Wobwera kudzaona magalimoto aone magalimoto."

Tinatsegula saiti yaulere, ya mtundu uja woti adiresi yake imakhala ndi dzina lako ndi la eni ake pamodzi. Kenaka tinayamba kusankha. Iye ankatsegula foto, ine ndinkati eya kapena ayi, iye n'kutsutsa. Ya maukwati ndinali nayo yambirimbiri. Anati tisankhe ochepa kwambiri, ndipo akhale m'chipinda chawochawo, chifukwa amene akufuna wojambula ukwati ndi munthu wina, wa kampani ndi wina. Ya ziphaso anati isapite kulikonse, nkhope za anthu zimenezo si zanga. Anachepetsa kulemera kwa foto iliyonse kuti tsamba lizitseguka msanga pa telefoni.

"Munthu akaona kuti mamega ake akutha foto isanatuluke, amatseka," anatero. "Ngakhale bwana."

Vuto linali pa mafoto a esitajiyo, omwe ndiwo ankafanana ndi ntchito yomwe ndinkafuna. Ndinali nawo onse. Koma ndinawajambula m'bwalo la kampani, ena m'dera la mgodi, ndipo nthawi imeneyo anatiuza kuti zojambulidwa m'katimo sizituluka popanda chilolezo. Mnzanga anati ndingoyika, ndani angaone. Kenaka anadzitsutsa yekha.

"Ayi, usayike. Amene ukufuna akulembe ntchito ndi amene angaone. Adzati mawa atulutsanso zathu."

Ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, kupita ku Moatize. Tinawoloka mlatho, madzi a Zambezi ali otsika, mchenga uli poyera. Ndinadikira pa geti mpaka bambo amene ankandiyang'anira pa esitajiyo anatuluka. Anayang'ana mafotowo pa telefoni yanga ataima padzuwa. Anandilola anayi, omwe anali atatuluka kale pa makalendala a kampani. Enawo anakana. Ndinawapempha kuti alembe chilolezocho mu uthenga, ndipo analemba pomwepo. Ndinawapemphanso ngati angalembe mawu ochepa ondichitira umboni pa perifili.

"Perifili yako ija ya maliro?" anafunsa. "Pepa kwambiri, mwana wanga. Ndinaona."

"Ndikukonza."

"Ukakonza undiuze."

Anayi anali ochepa. Masiku otsatira ndinkapita m'mawa pomwe magalimoto akuluakulu amaima kudikira kuwoloka. Ndinkapempha madalaivala kuti ndiwajambule akuyendera matayala, akumanga malamba a katundu, akuyika zitsulo zochenjeza pamsewu. Ndinkawauza kuti mafotowo adzakhala pa intaneti. Ena ankakana, ena ankafuna ndiwajambule atatsamira galimoto ngati oyimba. Wina wa ku Malawi, atamva Chichewa changa, anayitana anzake.

"Tabwerani, achemwali awa akuti atitchukitsa! Koma mimbayi muidule, akazi anga amati ndikuvutika kuno."

Ndinajambula. Manja ankagwira ntchito okha, maso ankadziwa pomwe kuwala kukuchokera. Pansi pa mafoto amenewa ndinalemba zoona, kuti sanandilembe ntchito ndi munthu, ndinajambula mwa kufuna kwanga, eni ake atalola.

Za agogo ndinazisiya kumapeto. Ndisanawayike pa saiti, mnzanga anandifunsa funso lomwe ndinali ndisanadzifunse.

"Madalaivala unawapempha. Nanga eni ake a agogo?"

Agogo ankadziwa kuti ndikuwajambula. Nthawi zina ankati, jambula manjawa, nkhope yatha. Koma za intaneti sitinakambiranepo. Ndinawaimbira amalume masana, ndili pakhonde.

"Mafoto aja ndinawaona kalekale," anatero. "Mwana wa aneba anandionetsa. Mayi anga ali pabedi, nsalu itasuntha, dziko lonse likuona. Ndinangoti mwanayu mutu sunabwerere, ndimusiye."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanamva? Unali ngati chitsa."

Ndinkamva wailesi ya m'golosale mwawo.

"A manja aja usiye," anatero. "Ndi aja akhala pakhomo. Koma a kuchipatala ndi a bokosi uchotse. Amenewo ndi athu."

"Chabwino, amalume."

"Kuno mvula yayamba kale kuwaza. Kumeneko?"

"Sinayambe."

"Ehe."

Pa saiti tinapanga zipinda zitatu. Choyamba, chomwe munthu amafikira, cha magalimoto ndi chitetezo. Chachiwiri cha maukwati ndi maubatizo. Chachitatu ndinachitcha ntchito yanga ndekha, ndipo m'menemo ndinayika mafoto a manja, mapazi ndi msana. Malonje aja ndinawadula, n'kutsala ndime imodzi, ndipo ndinayiyika m'chipinda chomwecho pamwamba pa mafoto. Mphika unatsalamo.

Kenaka perifili. Pansi pa dzina ndinalemba kuti wojambula zithunzi, za chitetezo pantchito ndi za zochitika, Tete. M'bokosi lija ndinalemba mizere inayi: chomwe ndimajambula, zida ndi mapulogalamu omwe ndimagwiritsa ntchito, zilankhulo zomwe ndimalankhula, ndi linki ya saiti. Ndinasanja esitajiyo ndi miyezi yake, yofanana ndi ya pa kurikulo. Pamalo apamwamba paja ndinachotsa agogo n'kuyikapo mafoto awiri a magalimoto ndi linki yomweyo. Ndinaliwerenga tsambalo. Linali la munthu wina wake wabwinobwino, woti sindingamuzindikire pamsewu.

Koma agogo anali akuonekabe. Kuwachotsa pamwamba sikunawafufute. Pansi pang'ono pali malo omwe amaonetsa zomwe munthu watumiza posachedwa, ndipo bokosi la maliro lija linali pomwepo ndi mapepani ake onse.

"Pali njira ziwiri," anatero mnzanga. "Utumize zatsopano zambiri kuti zikankhire pansi, koma wofufuza adzazipezabe. Kapena ufufute. Ukafufuta, ndemanga zonse zipita nazo. Sizibwerera."

"Amalume anati ndichotse."

"Ndiye dikira ndijambule ndemangazi kaye, uzidzawerenga."

"Usavutike."

"Shamwali, anthu analemba ndi mtima."

"Sindinawerenge ngakhale imodzi mpaka kumapeto."

Anandiyang'ana. Anajambulabe, tsamba ndi tsamba, ine nditakhala pa mpando wa makasitomala a ziphaso, kumbuyo kwanga kuli nsalu yoyera. Kunabwera bambo wina kudzachita fotokope ya chitupa, anamuthandiza, n'kubwerera kudzapitiriza. Atamaliza anandipatsa telefoni.

"Dina wekha. Ine ayi."

Telefoni inafunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinadina. Inafunsanso pa foto yotsatira, ndinadinanso. Ndinkayembekezera kuti mwina china chake chisuntha m'chifuwa. Panalibe. Ndinamva ludzu basi. Mnzanga ndi amene anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso, akutukwana fumbi la malasha.

Ndinatumiza uthenga kwa mayi a ku Tsangano aja, ndi kwa bambo a ku Moatize. Bambowo analemba umboni wawo, mizere itatu, kuti ndimafika pa nthawi yake ndipo ndimatsatira malamulo a chitetezo. Telefoni inasiya kulira m'thumba. Masiku ankadutsa. Madzulo mitambo inkasonkhana mbali ya ku Moatize, mphepo n'kunyamula mapepala m'misewu, kenaka kumwamba n'kuyeranso. Ndinayamba kulongedza zinthu za agogo m'makatoni, osadziwa ngati ndikukonza m'nyumba kapena ndikusamuka.

A kampani ya ku Chingodzi ija anandiyitana Lachinayi lina. Ofesi yawo inali kontena yokhala ndi makina oziziritsa, mkati mozizira mpaka khungu kuchita tsembwe. Munali bwana uja, mwamuna wa imvi wolankhula Chipwitikizi cha ku Maputo, ndi mayi aja, omwe anandipatsa moni ngati sanandionepo. Bwanayo anatsegula perifili yanga pa kompyuta, naiyang'ana kanthawi kochepa kwambiri, n'kudina linki. Saiti inatseguka msanga. Ndinkaona zonse chifukwa kompyutayo inali itapendekera kwa ine.

Anayenda pang'onopang'ono m'chipinda cha magalimoto. Anaima pa foto ya dalaivala wa ku Malawi uja akumanga lamba.

"Uyu sanavale magolovesi," anatero.

"Sanali pantchito ya kampani, bwana. Ndinamujambula momwe ndinamupezera. Ndalemba pansipo."

Anawerenga. Anagwedeza mutu.

"Zathu zikakhala choncho, umuuze avale kaye. Awa anayiwa, eni ake analola?"

Ndinawaonetsa uthenga uja. Anandifunsa ngati ndingathe kufika m'mawa kwambiri magalimoto asananyamuke, ngati ndili ndi nsapato zolimba, ngati ndimatha kuyika mawu pa chithunzi. Ndinayankha zonse. Pamwamba pa tsamba mayina a zipinda zitatu zija ankaoneka. Kamuvi ka kompyuta kanadutsa pa chachitatu kawiri, popita ndi pobwera. Sanadine. Sanakumbukenso kuti ndine uja anati asiyidwe alire, kapena anakumbuka koma sananene. Anatseka saiti n'kutsegula za munthu wina ine ndisanaimirire.

Mayi aja anandiperekeza mpaka pa geti. Kunja kutentha kunandimenya kumaso.

"Uyambe Lolemba," anatero. "Miyezi itatu kaye. Ubwere ndi chitupa ndi mafoto awiri. Nsapato tikupatsa, unene saizi."

"Zikomo, amayi."

"Osangoti zikomo ngati ndakupatsa madzi. Sekako pang'ono, iwe."

Ndinayesa. Anapukusa mutu, nabwerera m'kontena.

Ndinayenda mpaka pamsewu waukulu, ndinaima pamthunzi wa khoma n'kuwaimbira amalume. Anafunsa dzina la kampani, ndinawauza. Anafunsa ngati pali pepala losayina, ndinati Lolemba. Anafunsa miyezi ingati.

"Itatu yokha?"

"Akuti ikhoza kupitirira."

Kumbuyo kwawo wina ankafunsa mtengo wa sopo, anamuyankha kaye.

"Munthu wa nyumba uja ndinali nditamulonjeza kale," anatero. "Ndimuuza adikire. Ikatha itatuyo tidzakambirananso."

"Chabwino, amalume."

"Ugule loko wina wa pachitseko. Uja ndi wakale."

Shapa inabwera yodzaza. Kondakitala anandikankhira pampando wa pafupi ndi injini, pomwe pamawotcha miyendo. Ndinatsikira pamsika n'kulowa m'sitolo ya zitsulo. Wogulitsa anandionetsa maloko awiri, wamkulu ndi wamng'ono, nandifunsa kuti ndikufuna uti. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka anayamba kuthandiza munthu wina.